Kiliki M'khutu: Mkangano wa Oimba Madiramu a Roko

M'mwezi wa Meyi chaka cha 1991, anyamata atatu a bandi ya Nirvana anali mu situdiyo ya Sound City ku Van Nuys, mumzinda wa Los Angeles ku Amereka, komwe ankajambula chimbale chawo cha Nevermind. Nyimbo zambiri zinkalowa pa tepi mosavuta, koma ina yotchedwa "Lithium" inawakanika. Nyimboyi imayamba modekha, gitala ikulira pansipansi, kenaka ikafika pa kolasi zida zonse zimaphulika nthawi imodzi. Vuto linali lakuti akangoti ayiyambe, liwiro linkakwera lokha mpaka nyimbo kutaya ulemu wake. Anabwereza kangapo koma osaphula kanthu. Kurt Cobain, mtsogoleri wa bandiyo, anapsa mtima mpaka kuphwanya gitala.

Apa m'pomwe Butch Vig, katswiri amene ankawajambula, anapempha woimba madiramu, Dave Grohl, kuti avale mahedifoni n'kuimba motsatira kiliki. Grohl, yemwe pa nthawiyo anali ndi zaka 22, wakhala akufotokoza kuti pempholo linamubaya mumtima, chifukwa kwa iye linkatanthauza kuti sakutha ntchito imene woimba madiramu amalembedwera, yosunga liwiro la nyimbo. Komabe anavomera, ndipo nyimbo imene inawasowetsa mtendere inajambulika mosakhalitsa. Amene anaimvapo "Lithium" angachitire umboni kuti ukali wake ulipo wonse. Nanga ngati kiliki imapha nyimbo, monga ambiri amanenera, inalekeranji kupha imeneyi?

Tiyambe ndi kiliki yeniyeniyo. Ndi kaphokoso kakafupi, kolira kuti ta, ta, ta, ta, kobwerezabwereza pa liwiro losasintha, komwe woimba amamva m'mahedifoni koma omvera sakumva. Liwiro la nyimbo limayezedwa powerenga mabiti pa mphindi imodzi. Nyimbo ya mabiti 120 pa mphindi ndiye kuti biti iliyonse imatenga theka la sekondi. Kholo la kiliki ndi metironomu, kachipangizo kokhala ndi muvi wopendekera uku ndi uku, komwe Johann Maelzel analembetsa ngati luso lake m'chaka cha 1815. Kuimba ukumvera kaphokosoka pojambula kunakhazikika kwa opanga mafilimu ku Amereka mafilimu atayamba kukhala ndi mawu, chifukwa nyimbo inkayenera kukumana ndi chithunzi pamalo ake enieni. Makina a ng'oma ndi m'bale wake wa kiliki, koma iwo salira m'khutu mwa woimba yekha, amalira m'nyimbo momwemo m'malo mwa munthu. Aliyense amene anamvapo kiyibodi ikudziimbira yokha madiramu kutchalitchi kapena paukwati akuwadziwa makina amenewa.

Chimene chinachitikira Nirvana si chachilendo, ndipo sichisonyeza kuti woimba ndi wosadziwa. Munthu akayamba kumenya mwamphamvu, mtima umathamanga, mpweya umafupika, ndipo manja amafuna kufika msanga. Malo oopsa kwambiri ndi pamene woimba akugubuduza timitengo pa ng'oma zonse kuti alowetse kolasi. Pamenepo ambiri amafupikitsa kampata kakang'ono, anzawo a besi ndi gitala n'kumutsatira, ndipo bandi yonse imapezeka yakwera sitepe imodzi osazindikira. Zikachitika kolasi iliyonse, nyimbo imafika kumapeto ikuthamanga, woimba mawu akumeza zilembo.

Tiwerengere limodzi kuti tione chifukwa chake ojambula nyimbo amadana nazo. Tiyerekeze kuti nyimbo yayamba pa mabiti 120, ndipo kolasi yake ili ndi mabiti 32. Pa liwiro limeneli kolasiyo itenga masekondi 16. Bandi itatenthedwa, kolasi yomaliza yaimbidwa pa mabiti 126. Tsopano mabiti 32 omwewo atha m'masekondi pafupifupi 15 ndi kachigawo kamodzi mwa zinayi. Kusiyana kwake sikukwana n'komwe sekondi imodzi, ndipo womvera sangadandaule. Koma wojambula akafuna kutenga mawu amene anaimbidwa bwino pa kolasi yoyamba kuti awaike pa yomaliza, pofika kumapeto mawuwo akhala atatsalira ndi biti imodzi ndi theka. Sizingalumikizike. Chimodzimodzi akafuna kudula ndime yabwino ya ulendo wachiwiri n'kuisoka ku kolasi yabwino ya ulendo wachisanu, msoko umamveka ngati nyimbo yapunthwa. Kiliki ikakhalapo, zidutswa zonse zimakhala za muyezo umodzi, ndipo woimba gitala akhoza kudzajambula gawo lake sabata yamawa, ngakhale ali kudziko lina. Nthawi ya situdiyo ndi ndalama, choncho m'pomveka kuti olipira anaikonda kiliki msanga kuposa oimba.

Pali chifukwa china, cha pa nsanja. M'chaka cha 1971 bandi ya ku Mangalande ya The Who inatulutsa "Baba O'Riley" ndi "Won't Get Fooled Again", nyimbo zomangidwa pamwamba pa kulira kwa ogani ndi zida zamagetsi komwe Pete Townshend anajambuliratu pa tepi. Tepi simadikira munthu. Kuti aziimba nyimbozi pamaso pa anthu, woimba madiramu wawo, Keith Moon, ankayenera kuimvera tepiyo m'mahedifoni. Moon anali munthu wosagwirika pa ng'oma, womenya ngati zonse zithera lero, moti mahedifoniwo ankachita kuwamata kumutu ndi tepi yomatira kuti asagwe. Zimenezi zimaoneka bwino mu filimu ya The Kids Are Alright, pomwe anaimba ku Shepperton m'chaka cha 1978, patangotsala miyezi yochepa kuti amwalire. Munthu womangidwa ku liwiro la tepi, koma palibe angamunene kuti ankaimba mopanda moyo. Masiku ano makonsati akuluakulu ambiri amayendera kiliki pa chifukwa chonga chomwechi, popeza magetsi, zithunzi za pa sikirini ndi mawu ojambuliratu zonse zimayenera kugwa pa biti yake.

Oimba amene anaizolowera amanena chinthu chimodzi chimene poyamba chimamveka chodabwitsa, chakuti kiliki imawamasula. Popanda iyo, woimba madiramu ndiye amasenza mlandu wonse. Wa gitala amati wathamanga, woimba mawu amati wachedwa, ndipo palibe mboni. Kiliki ikalowa mkangano umatha, iye n'kuika mtima pa kamenyedwe. Amanenanso kuti ukamenya ndendende pamodzi nayo, imasowa m'khutu chifukwa kulira kwa ng'oma yako kwaiphimba. Ukayamba kuimvanso, wadziwa kuti wapatuka. Wophunzira amalakwitsa pomwepa: akamva kuti watsogola, amabwerera mwadzidzidzi pa biti imodzi, ndipo kudzukaku n'kumene womvera amakumva ngati kutsimphina. Wodziwa amabwerera pang'onopang'ono, m'mabiti anayi kapena asanu ndi atatu, osaonetsa kuti panali vuto.

Mbali inayo nayonso ili ndi umboni wolemera, ndipo umboni wake ndi nyimbo zimene zinamanga roko. Mvetserani "Honky Tonk Women" ya The Rolling Stones, ya m'chaka cha 1969. Imayamba mwaulesi ndi kabelu kachitsulo komwe ankamenya wowajambula, Jimmy Miller, kenaka Charlie Watts n'kulowa ndi madiramu. Mukaimva mpaka kumapeto n'kuibwezera poyambira nthawi yomweyo, mudzadabwa kuti chiyambicho n'chochedwa bwanji. Nyimboyi imakwera liwiro njira yonse. Pa muyezo wa situdiyo za lero, kumeneko n'kulakwitsa kofunika kukonza. Koma kukwerako ndiko kumachititsa womvera kumva kuti phwando likukoma, kuti anthu m'chipindamo atenthedwa. Mutaiwongola kuti iyende pa liwiro limodzi, manotsi onse adzakhalapo koma chisangalalo chidzachepa.

Bandi yomweyi ili ndi chinsinsi china chomwe woimba besi wawo, Bill Wyman, anafotokozapo. M'mabandi ambiri aliyense amatsatira woimba madiramu, koma mwa iwo Watts ndi amene ankatsatira gitala ya Keith Richards. Zotsatira zake, ng'oma zinkagwa mochedwerako pang'ono kwambiri, ndipo kampata kameneko ndiko kankapatsa nyimbo zawo kayendedwe kogwedera koma kosagwa. Kwathu kuno sitingavutike kumvetsa zimenezi. Pabwalo la gule, woimba mbalule maso ake amakhala pa mapazi a wovina. Wovina akasintha, ng'oma imamuyankha, naye n'kuiyankha. Liwiro silichokera kunja kwa bwalo, limabadwa pakati pa awiriwo. Amene amadana ndi kiliki akudandaula za chimenechi: woimba akamvera kaphokoso ka m'khutu, khutu limene likanamvera mnzake lagwidwa ndi ntchito ina.

Dandaulo limeneli ndi loona, koma ndikuona kuti anthu amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana akamanena za moyo wa nyimbo. Choyamba ndi kupuma kwa nyimbo yonse, kukwera pa kolasi ndi kutsika pa ndime, monga mwa The Rolling Stones muja. Chachiwiri ndi malo amene kumenya kulikonse kumagwera mkati mwa biti. Pa mabiti 120, kuchokera pa kiliki imodzi kufika pa inzake pali mamilisekondi 500, ndiye kuti theka la sekondi logawidwa tizigawo 500. Woimba akhoza kumachedwetsa sineya, ng'oma yaing'ono yolira mokuwa ija, ndi mamilisekondi 15 kapena 20 nthawi iliyonse, ndipo nyimbo idzamveka yolemera, yokhala pansi. Akhoza kumaitsogoza ndi muyezo womwewo, n'kumveka yaukali, yofuna kudumpha. M'njira zonse ziwiri liwiro silinasinthe, kiliki sinaphwanyidwe. Onjezanipo mphamvu ya dzanja, kuti kumenya kwina n'kofewa kwina n'kolimba. Kiliki imalanda choyamba chija chokha. Chachiwirichi imamusiyira woimba chonse, n'chifukwa chake Grohl ndi Moon anamvekabe ngati iwo eni.

Chimene chimalanda chachiwiricho chinabwera pambuyo pake, ndipo chinabwera ndi kompyuta. Pulogalamu yojambulira nyimbo imaonetsa pa sikirini mizere yoimirira, mzere uliwonse pa malo enieni a biti. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pulogalamu ya Pro Tools inabwera ndi chida chotchedwa Beat Detective, chomwe chimadula zimene woimba wamenya m'tizidutswa, n'kukankhira kachidutswa kalikonse pa mzere wake. M'mapulogalamu ambiri lamulo lochita zimenezi limalembedwa kuti Quantize. Sineya ija imene woimba anaichedwetsa dala ndi mamilisekondi 20, kompyuta imaiona ngati cholakwa, n'kuibwezera pa mzere. Kenaka wojambula amatha kuchotsa kulira kwa sineya yeniyeniyo n'kuikapo kulira kumodzi kojambuliratu, kofanana kuyambira koyamba mpaka komaliza. Pofika apa munthu anakhaladi pa mpando n'kutuluka thukuta, koma chimene chatsala m'nyimbo ndi makina ovala dzina lake. Kiliki imalowa mu mlanduwu chifukwa ndiyo imatsegula khomo: popanda iyo mizere ija sikumana ndi nyimbo, ndipo kuwongolako kumavuta.

Asayansi anayezapo nkhaniyi. M'chaka cha 2011, Holger Hennig ndi anzake a ku Göttingen m'dziko la Jeremani anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti kupatuka kwa munthu pa biti sikuchitika mwachisawawa. Kupatuka kwa tsopano kumakhala pa ubale ndi kumene kunachitika mabiti ambiri m'mbuyomo, ngati kuti thupi likukumbukira. Mapulogalamu ambiri ali ndi batani lolembedwa Humanize, lomwe limamwaza kumenya pang'ono uku ndi uku mwa maere kuti kumveke ngati kwa munthu. Ofufuzawa atayerekeza njira ziwirizi, omvera anakonda kupatuka kwa ubale kuja kuposa kwa maere. M'chaka cha 2015 ofufuza ena, pamodzi ndi Hennig yemweyo, anayeza kamenyedwe ka Jeff Porcaro m'nyimbo ya Michael McDonald ya "I Keep Forgettin'" ya m'chaka cha 1982, n'kupezamo dongosolo la mtundu womwewo, m'nthawi ndi m'mphamvu ya dzanja momwe. Tanthauzo lake n'lakuti chimene timakonda mwa woimba waluso si kuphonya. Ndi dongosolo la thupi lake, ndipo ukalifafaniza sungalibwezeretse pomwaza manotsi.

Nanga makina a ng'oma enieniwo? Mantha oyamba anali a mphika, osati a luso. Roger Linn atatulutsa makina ake a LM-1 m'chaka cha 1980, oyamba kugwiritsa ntchito kulira kwa ng'oma zenizeni kosungidwa mwa manambala, mtengo wake unali pafupifupi madola 5,000. Zinali ndalama zambiri, komabe makina sadwala, sachedwa, ndipo salipidwa kawiri. M'chaka cha 1982, nthambi ya pakati pa London ya bungwe la oimba la Musicians' Union inafika pogwirizana zopempha kuti zida zoterezi ziletsedwe. Sizinatheke. Ntchito zing'onozing'ono za mu situdiyo, monga nyimbo zotsatsira malonda, zambiri zinapitadi kwa makina, ndipo amene anadandaula sankalota.

Koma ena mwa amene anawagwiritsa ntchito mwanzeru anali oimba madiramu omwe. Phil Collins wa bandi ya Genesis, mmodzi mwa akatswiri a nthawi yake, anamanga "In the Air Tonight" ya m'chaka cha 1981 pa kamayimbidwe kozizira ka makina a Roland CR-78. Kwa mphindi zoposa zitatu ndi theka makinawo amangogunda mosasintha, osakwiya, osasangalala, ndipo womvera amamangika m'mimba osadziwa chimene akudikira. Ng'oma zenizeni zikagwa, zimagwa ngati denga. Mphamvu ya malo amenewo imachokera ku kuzizira kwa makina kumene kwatsogola. Collins sanafune kuti makina anamizire kukhala munthu; anawasiya akhale makina, iye n'kukhala munthu. Mabandi ena anachita kuwalandira ngati membala. The Sisters of Mercy a ku Leeds anapatsa makina awo dzina lakuti Doktor Avalanche, ndipo Big Black ya Steve Albini ku Amereka inkalemba makina ake pa zimbale ndi dzina lakuti Roland, pamodzi ndi maina a anthu. Iwowa ankafuna nkhanza ya chinthu chosatopa, zomwe mkono wa munthu sungapereke.

Njira ina ndi imene anatenga Robert Lange, wodziwika kuti Mutt, yemwe anabadwira ku Mufulira m'dziko la Zambia m'chaka cha 1948. Pojambula bandi ya Def Leppard ya ku Sheffield, iye anatembenuza dongosolo lakale. M'malo moyamba ndi ng'oma ngati maziko, magitala ankajambulidwa motsatira makina, ndipo ng'oma zinkaikidwa kumapeto, zambiri mwa kulira kosungidwa m'kompyuta. Zimbale za Pyromania ya 1983 ndi Hysteria ya 1987 zinagulidwa mamiliyoni ambiri, ndipo makampani anaphunzirapo kuti roko yosalala, yopanda kogwedera, imayenda malonda. Odana ndi makina amaloza nthawi imeneyi ngati pomwe zinthu zinakhotera. Komabe m'bandi yomweyi muli nkhani imene imawatseka pakamwa. Woimba madiramu wawo, Rick Allen, anaduka mkono wamanzere pa ngozi ya galimoto pa 31 Disembala 1984, ali ndi zaka 21. Anabwerera pa ntchito chifukwa cha ng'oma zamagetsi, zomwe zinamulola kuimba ndi phazi lamanzere zimene mkono uja unkaimba. Mu Ogasiti 1986 anaimba pamaso pa chinamtindi cha anthu ku Donington. Kwa iye magetsi sanachotse munthu m'nyimbo, anamubwezeramo.

Lero oimba ambiri sayimanso kumbali imodzi. Pulogalamu yojambulira imalola kuti kiliki isinthe liwiro mkati mwa nyimbo, mwachitsanzo ndime pa mabiti 120, kolasi pa 123, kenaka n'kutsikanso. Ena amayamba ajambula bandi ikuimba momasuka, kenaka n'kuuza kompyuta kuti mizere yake itsatire zimene anthu aimba, osati anthu kutsatira mizere. Ena amagwiritsa ntchito kiliki poyambira pokha kuti asayambe mothamanga chifukwa cha mantha a pa nsanja, kenaka n'kuizimitsa. Grohl yemwe uja, m'chaka cha 2010, anajambula chimbale cha Foo Fighters cha Wasting Light pa tepi m'galaja ya kunyumba kwake, ndi Butch Vig yemweyo, dala kuti pasakhale kompyuta yowongola zimene manja amenya. Munthu amene anagonjera kiliki pa nyimbo imene inkaifuna ndi yemwenso anakana kuwongoledwa.

Mukafuna kudziyesera nokha, sankhani nyimbo ya roko, muyambe kuomba m'manja motsatira chiyambi chake, kenaka mulumphire kumapeto osasiya kuomba. Manja anu akakumana ndi biti ndendende, mwina munali kiliki kapena makina. Akatsalira, bandi inkadziyendetsa yokha. Kenaka mvetserani sineya: kodi imalira mofanana nthawi zonse, ngakhale pamene nyimbo yafika pachimake, kapena imakwiya limodzi ndi woimba mawu?

Chigamulo changa n'chakuti kiliki si mdani wa roko, ndipo woimba madiramu amene sangathe kuimba nayo ali ndi ntchito yoti aphunzire. Cholakwika ndi chizolowezi choiyatsa nyimbo isanamvedwe n'komwe, ndi chizolowezi choipa koposa chowongola kumenya kulikonse chifukwa choti batani lilipo. Inu ojambula nyimbo, bandi ikalowa mu situdiyo, iloleni iimbe kaye kamodzi popanda kanthu m'khutu. Ngati kuthamanga kwake kukuwononga nyimbo, yatsani kiliki mosachita manyazi. Ngati kukuikometsa, isiyeni ithamange.